Khadi Ikakana Kulipira Nyimbo za pa Intaneti: Amene Amakana ndi Ndani, ndipo Poyambira ndi Pati

Malipiro a mwezi ndi mwezi a nyimbo za pa Spotify kapena Apple Music ndi ndalama yochepa, komabe ndi ena mwa malipiro amene amavuta kwambiri kudutsa pa khadi ya banki ya ku Malawi. Khadi yomwe yangogula kumene shuga ndi sopo m'sitolo, yomwenso yatulutsa ndalama pa ATM popanda vuto, ikafika pa nyimbo imakana. Chifukwa chake n'chakuti malipirowa amasenza zinthu zitatu nthawi imodzi zimene banki iliyonse imazikayikira. Amachitika pa intaneti khadi isanaonedwe ndi maso, amapita kwa wogulitsa wa kunja kwa dziko, ndipo amabwerezedwa okha mwezi uliwonse mwini khadi asanagwire foni. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi chipata chake ku banki, ndipo chipata chimodzi chokha chikatsekedwa, ndalama sidutsa.

Spotify inayamba kupezeka ku Malawi mu 2021, pamene kampaniyi inalowa m'maiko oposa 80 nthawi imodzi, ndipo Apple Music inali itafika kale mu 2020. Makampani onsewa ali kunja, kotero kuti kwa banki ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kulipira nyimbo n'kugula katundu kunja kwa dziko, ngakhale womverayo atakhala pakhonde ku Ndirande akumvera woimba wa ku Ndirande komweko.

Njira imene ndalama imayenda

Munthu akalemba nambala ya khadi n'kudina kuti alipire, pempho limadutsa m'manja anayi m'masekondi ochepa. Limayamba ndi wogulitsa, yemwe pano ndi kampani ya nyimbo. Wogulitsayo amalipereka kwa banki kapena kampani yomwe imamutolerera ndalama. Kuchoka apo limalowa mu netiweki ya Visa kapena Mastercard, yomwe imayang'ana manambala oyambirira a khadi kuti idziwe banki yomwe inaipereka, n'kulitumiza kumeneko. Banki ya mwini khadiyo ndi imene imapereka chigamulo, ndipo yankho limabwerera njira yomweyo.

Yankholo silibwera m'mawu ambiri. Limabwera ngati nambala ya zilembo ziwiri. Nambala 00 imatanthauza kuti zatheka, 51 ndiye kuti ndalama ndi zosakwana, 54 khadi inatha nthawi, 57 khadi siiloledwa malipiro a mtundu umenewu, 61 malire apitirira, pamene 91 ndiye kuti makina a banki sanayankhe. Palinso 05, yomwe m'mabuku a mabanki imalembedwa kuti "Do not honor". Imeneyi imangonena kuti banki yakana, osatchula chifukwa, ndipo imagwiritsidwa ntchito kwambiri. Kampani ya nyimbo nthawi zambiri siionetsa manambalawa kwa womvera. Imangolemba uthenga wamba, monga wa Apple wakuti "Your payment method was declined". Izi zimachitika mwadala, popeza mbava yomwe ikuyesa makhadi akuba ingapindule kwambiri itauzidwa bwinobwino pomwe yalakwitsa. Vuto n'lakuti mwini khadi weniweni nayenso amatsala mumdima womwewo.

Kuchokera m'kayendedwe kameneka mumatuluka funso lofunika kuposa onse: kodi pempholo linafika ku banki kapena linafera panjira? Ngati linafika, banki ili ndi mzere wake m'makina, wokhala ndi tsiku, nthawi, ndalama ndi nambala yokanira, ndipo yankho lili kumeneko. Ngati banki sikuona chilichonse pa nthawi imeneyo, ndiye kuti wogulitsa kapena womutolerera ndalama anakana yekha asanafunse n'komwe banki, ndipo kukaima pamzere ku nthambi ya banki n'kutaya tsiku. Anthu ambiri amataya nthawi chifukwa amakadandaula kwa yemwe sanakane.

Funso lachiwiri ndi laling'ono koma limagawa mavuto pakati: kodi khadi imeneyi inayamba yalipirapo pa akaunti ya nyimboyi? Khadi yomwe sinadutsepo n'kamodzi komwe nthawi zambiri imakhala ndi vuto la chilolezo, la dziko kapena la OTP. Khadi yomwe inkadutsa miyezi yapitayi kenako n'kuyamba kukana imakhala kuti china chake chasintha: ndalama, tsiku lotha ntchito, kapena malire a ndalama zakunja.

Ndalama zilipo, koma zokwanira kodi?

Choyamba kuona ndi ndalama, osati chifukwa chakuti ndiye vuto lokhalo, koma chifukwa kuona kwake sikudya mphindi imodzi. Apa pali msampha. Akaunti ya banki imakhala ndi mabalansi awiri. Ina ndi ndalama zonse zolembedwa m'buku la akaunti, ina ndi ndalama zimene mwini angagwiritse ntchito panopa. Banki imayang'ana yachiwiriyo. Kusiyana kwake kumabwera chifukwa cha ndalama yomwe akaunti za mitundu ina zimafuna kuti izitsala nthawi zonse, ndiponso ndalama zogwidwa podikira malipiro ena omwe avomerezedwa koma sanamalizike. Ndalama yogwidwa ili ngati thumba la chimanga lomwe likadali m'nkhokwe koma linagulitsidwa kale: likuoneka, koma si lodya pakhomopo.

Kenako pali kusintha ndalama. Wogulitsa akalemba mtengo m'madola, banki imachotsa makwacha molingana ndi mtengo wa dola wa tsiku limenelo, n'kuwonjezerapo cholowa chake pa malipiro akunja. Mtengo wa dola womwe munthu amauona m'nyuzipepala si umene umadulidwa ndendende. Nthawi zambiri odulidwawo amakwererapo pang'ono.

Mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa pafupifupi K1,700. Malipiro a madola atatu, omwe mu Okutobala anali pafupifupi K3,540, mu Disembala anafika pafupifupi K5,100, kampani ya nyimbo isanasinthe mtengo ndi tambala yomwe. Munthu amene anazolowera kusiya K4,000 mu akaunti kuti nyimbo zidutse anangoona kuti khadi yayamba kukana. Zoterezi zimachitikanso mwakachetechete kampani ikakweza mtengo, kapena nthawi yomvera kwaulere kapena ya mtengo wotsika wa ophunzira ikatha, mtengo wonse n'kuyamba kudulidwa.

Tsiku nalonso lili ndi gawo lake. Malipiro amabwerezedwa pa deti lomwe munthu analembetsa. Amene analembetsa pa 20 adzadulidwa pa 20 mwezi uliwonse, nthawi imene malipiro a kuntchito sanalowe ndipo akaunti yaphwa. Khadi ikamakana mwezi uliwonse pa deti limodzimodzi, kenako n'kudutsa yokha patapita masiku angapo, chifukwa chake nthawi zambiri chimakhala chimenechi. Njira yake ndi kuletsa malipirowo, kudikira kuti mwezi wolipiridwa uthe, n'kulembetsanso tsiku lotsatira kulandira ndalama.

Zolembedwa pa khadi

Chachiwiri ndi khadi yeniyeniyo. Tsiku lotha ntchito limalembedwa mwezi ndi chaka, monga 08/27, ndipo khadiyo imagwira ntchito mpaka tsiku lomaliza la mwezi umenewo. Banki ikapereka khadi yatsopano, tsiku limeneli limasintha, manambala atatu a kumbuyo otchedwa CVV amasinthanso, ndipo ngati yakaleyo inatayika kapena inamezedwa ndi ATM n'kuletsedwa, nambala yonse yakutsogolo imakhala ina. Akaunti ya banki ndi yomweyo, ndalama ndi zomwezo, koma kampani ya nyimbo ikupitiriza kugogoda ndi khadi yakufa. Visa ndi Mastercard ali ndi njira yotumizira ogulitsa zatsopanozi mwa okha, koma si banki iliyonse yomwe imaigwiritsa ntchito. Ndi bwino kufufuta khadi yakale pa akaunti ya nyimbo n'kulemba yatsopano yonse kuyambira pachiyambi.

Kulakwitsa polemba nambala yaitali sikuvuta kuzindikira, chifukwa nambala yomaliza pa khadi ndi yotsimikizira zinzake, ndipo tsamba lolipirira limakana nthawi yomweyo ikapanda kugwirizana. CVV ndi tsiku lotha ntchito zilibe chitetezo chotere. Zikalakwika, pempho limapita mpaka ku banki n'kukakanidwa kumeneko. CVV si PIN ya pa ATM, ndipo PIN siifunsidwa polipira pa intaneti. Tsamba lililonse lofunsa PIN liyenera kutsekedwa msanga.

Zipata za ku banki

Apa ndi pomwe pali nkhani yaikulu kwa okhala ku Malawi. Si khadi iliyonse yomwe imatha kulipira kunja. Khadi yopanda chizindikiro cha Visa kapena Mastercard ikhoza kugwira ntchito pa makina a mabanki onse a m'dziko muno kudzera mu National Switch, koma ilibe njira yofikira kwa wogulitsa wa ku Sweden kapena ku America. Pa khadi yotere palibe choti chikonzedwe, pangofunika khadi ina.

Ngakhale chizindikiro chilipo, mabanki ambiri amapereka khadi itatsekedwa kumbali ya malipiro a pa intaneti kapena akunja, mpaka mwini wake apemphe kuti itsegulidwe. Kwina zimatsegulidwa pa pulogalamu ya banki ya pafoni, kwina poimbira foni, kwinanso polemba fomu ku nthambi. Chomwe chimasokoneza anthu n'chakuti zilolezozi n'zosiyana. Khadi ikhoza kuloledwa kugula pa intaneti kwa ogulitsa a m'dziko koma osati akunja. Ikhoza kutsegulidwa kwa nthawi yochepa chabe, mwina ya ulendo, kenako n'kudzitsekanso. Choncho kufunsa wa ku banki kuti "kodi khadi yanga ili bwino?" sikuthandiza, chifukwa ayankha kuti ili bwino, ndipo sananame. Funso loyenera ndi lakuti kodi khadiyo ndi yotsegulidwa kulipira pa intaneti, kwa wogulitsa wa kunja, m'ndalama zakunja, komanso pa malipiro obwerezedwa mwezi ndi mwezi.

Pamwamba pa zilolezo pali malire. Khadi ikalipira kunja, mwini wake amadulidwa makwacha, koma banki imayenera kubweza Visa kapena Mastercard m'ndalama zakunja. Malawi wakhala akusowa ndalama zakunja kwa zaka zingapo tsopano, ndipo mabanki akhala akuika malire pa zomwe khadi imodzi ingagwiritse ntchito kunja pa tsiku kapena pa mwezi. Malirewa amasiyana banki ndi banki, amasiyananso ndi mtundu wa akaunti, ndipo amasinthidwa ndalama zakunja zikachepa. Madola atatu a nyimbo paokha sangapyole malire, koma malire amawerengera zonse pamodzi. Munthu amene sabata yatha analipira mayeso a sukulu yakunja kapena anaitanitsa katundu pa intaneti akhoza kukhala atadya gawo lake lonse la mweziwo. Chizindikiro cha vuto limeneli n'chakuti malipiro onse akunja amakana, osati a nyimbo okha, pamene kugula m'sitolo za kuno kukuyenda bwinobwino. Apa kuwonjezera makwacha mu akaunti sikusintha kanthu.

Makhadi a pafoni omwe amalumikizidwa ku ndalama za m'manja, aja opanda pulasitiki, amatsata malamulo omwewo. Nawonso amadalira ndalama zakunja, amakhala ndi malire awo, ndipo ena amakhala ndi tsiku lotha ntchito lalifupi. Kuwonjezera apo, ogulitsa ena salandira makhadi oikiratu ndalama pa malipiro a mwezi ndi mwezi, poopa kuti mwezi wamawa adzawapeza opanda kanthu.

Akaunti yomwe yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kapena yomwe mwini wake sanapereke chiphaso cha unzika chatsopano banki itapempha, imathanso kutsekedwa kumbali yotulutsa ndalama. Imeneyi imadziwika msanga, chifukwa ndi pa ATM pomwe imakana.

Nambala yomwe sikubwera

Malipiro oyamba ndi osiyana ndi otsatira ake, ndipo kusiyanaku kumafotokoza zodabwitsa zambiri. Pa malipiro oyamba mwini khadi alipo. Amalemba CVV, ndipo kawirikawiri banki imatsegula katsamba kake kofunsa OTP, nambala yogwira ntchito kamodzi yomwe imatumizidwa pa foni. Dongosolo limeneli limatchedwa 3-D Secure, ndipo pa sikirini limaoneka ndi dzina la Visa Secure kapena Mastercard Identity Check. OTP imapita ku nambala ya foni yomwe ili m'mabuku a banki. Amene anasintha simu khadi osadziwitsa banki adzadikira mpaka kutopa. Amene ali malo a netiweki yofooka akhoza kulandira nambalayo mochedwa, mphindi zake zitatha kale, ndipo akapempha ina n'kulemba yoyamba ija, imakanidwa. Nthawi zina katsamba ka banki kamalephera kutseguka mkati mwa pulogalamu ya nyimbo. Zikatero, kulipira kudzera pa tsamba la kampaniyo mu Chrome kapena Safari kumathetsa vutolo.

Pa malipiro a miyezi yotsatira mwini khadi kulibe. Wogulitsa amatumiza pempho yekha, mwina pakati pa usiku, popanda OTP komanso popanda CVV, chifukwa malamulo a chitetezo cha makhadi amaletsa wogulitsa kusunga CVV malipiro akavomerezedwa. Pempho lotere limakhala ndi chizindikiro chosonyeza kuti ndi lobwereza zomwe mwini khadi anavomereza kale. Mabanki ambiri amalilandira. Koma ngati khadi kapena makina a banki anakonzedwa kuti azifuna OTP pa malipiro aliwonse a pa intaneti, pempholo limakanidwa mwezi uliwonse. Munthu amaona chinthu chosamveka: akalipira yekha ndi dzanja zimatheka, koma likafika tsiku lodulidwa zimakana. Chithunzi chimenechi chikabwerezedwa miyezi iwiri kapena itatu ndalama zilimo, nkhani yake ndi ya chilolezo cha malipiro obwereza, ndipo ndi banki yokha ingaikonze.

Popeza nkhani ya OTP yatchulidwa, mawu amodzi a chenjezo ndi oyenera. Banki siimbira munthu foni kumufunsa OTP, CVV kapena PIN, ngakhalenso kampani ya nyimbo. Uthenga wonena kuti malipiro alephera, wokhala ndi linki yoti adine kuti akonze khadi, ndi nyambo yodziwika ya akathyali. Khadi iyenera kukonzedwa polowa mu akaunti kudzera pa tsamba lenileni la kampani, lolembedwa ndi dzanja.

Dziko la khadi ndi dziko la akaunti

Mitengo ya nyimbo imasiyana dziko ndi dziko, ndipo kwa womvera wa ku Britain ndi yokwera kuposa ya m'maiko ambiri a mu Africa. Pofuna kuti anthu asamanamize komwe amakhala, makampani amafuna kuti khadi ikhale ya dziko lomwe akaunti inalembetsedwa. Dziko la khadi silidziwika ndi komwe mwini wake ali, koma ndi manambala 6 mpaka 8 oyambirira, omwe amasonyeza banki yomwe inaipereka. Spotify imanena momveka kuti njira yolipirira iyenera kukhala ya dziko la akaunti, ndipo Apple nayonso imamanga njira zolipirira ku dziko la Apple Account.

Lamuloli limagwira Amalawi m'njira zitatu zofala. Wachibale wa ku Johannesburg kapena ku Manchester akafuna kulipirira mng'ono wake wa ku Zomba ndi khadi yake ya kumeneko, zimakana, ngakhale ndalama zitadzaza. Wobwerera kumudzi kuchokera ku Joni, amene akaunti yake idakalembedwa South Africa, akalowetsa khadi ya banki ya kuno, zimakananso mpaka asinthe dziko la akauntiyo. Ndipo pali mafoni a iPhone ogulidwa kwa ogulitsa omwe amatsegulira kasitomala akaunti n'kusankha United States kuti mapulogalamu onse azipezeka. Akaunti yotere siilandira khadi ya ku Malawi. Makhadi amphatso okhala ndi nambala yowombolera nawonso amagwira ntchito m'dziko lomwe anagulidwira lokha.

Kukana kwa mtundu umenewu kumachitika kwa wogulitsa, ndipo n'chifukwa chake banki imayankha kuti sikuona pempho lililonse. VPN ikakhala yoyaka imawonjezera chisokonezo, popeza foni imaoneka ngati ili ku Germany, khadi ili ya ku Malawi, akaunti ili ya dziko lachitatu. Makina oteteza ku umbava akaona zotere sachedwa kukana.

M'pofunikanso kudziwa amene akutolera ndalamayo. Apple Music pa iPhone imalipiridwa kudzera mu Apple Account, ndipo ngati pali kangongole kakale ka pulogalamu ina komwe sikanalipiridwe, Apple imaimitsa zogula zatsopano mpaka kalipiridwe. Mapulogalamu ena a nyimbo pa Android amadula kudzera mu Google Play, ndipo khadi yofunika kukonza ili mu akaunti ya Google. Spotify siilola kulipira Premium kudzera mwa Apple, kotero wa iPhone amakonza khadi yake pa tsamba la Spotify. Lisiti ya mwezi womaliza womwe zinatheka imasonyeza amene anadula ndalama.

Chitsanzo chimodzi, kuyambira pachiyambi

Ziwerengero za m'chitsanzochi ndi zoyerekeza. Mphunzitsi wina wa ku Mzuzu wakhala akulipira madola atatu pa 18 mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu. Mwezi uno walandira uthenga wakuti malipiro alephera. Popeza khadi inkadutsa kale, nkhani ya dziko la akaunti ndi ya chizindikiro cha Visa ikhoza kuikidwa pambali kaye. Akuyang'ana balansi ndipo akuona K9,000. Pa mtengo wa K1,750 pa dola, madola atatu ndi K5,250, ndipo cholowa cha banki cha 3 peresenti chikawonjezedwa zikufika pafupifupi K5,410. Zikuoneka ngati zokwanira. Koma pa mzere wa ndalama zogwiritsika palembedwa K4,500, chifukwa akaunti yake imasunga K2,000 yosakhudzidwa, ndipo K2,500 ina inagwidwa pa malipiro a dzulo omwe sanamalizike. Kukana koyamba kunali 51.

Iye sanaone mzere umenewo. Anadina kulipira kasanu ndi kamodzi motsatizana, akumasintha kalembedwe ka dzina, ndipo kawiri analakwitsa CVV chifukwa cha phuma. Madzulo anaikamo K10,000, koma khadi inakanabe. Tsopano vuto lasintha. Mbava zikapeza manambala a makhadi zimawayesa ndi ndalama zing'onozing'ono, mobwerezabwereza, kwa ogulitsa a pa intaneti, ndipo zomwe mphunzitsiyu anachita zikufanana ndendende ndi zimenezo. Makina a banki atseka khadi kumbali ya intaneti, ndipo akuyankha 05. N'kutheka kuti makina a wogulitsa nawonso ayamba kuikayikira khadiyo kwa kanthawi.

Akaimbira banki pa nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadi, zofunika kukhala nazo ndi deti, nthawi, dzina la wogulitsa ndi ndalama yake. Funso ndi limodzi: kodi pempho la nthawi yakutiyakuti likuoneka, ndipo linakanidwa ndi nambala iti? Wogwira ntchitoyo akawerenga mizere, aona 51 koyambirira, kenako kukana kwa CVV yolakwika, kenako chitseko cha chitetezo. Akamutsimikizira kuti ndi iye mwini amayesa, chitsekocho chimachotsedwa. Chotsala ndi kudikira maola angapo kapena tsiku, kufufuta khadi pa akaunti ya nyimbo, kuilembanso modekha, n'kulipira kamodzi.

Kuyesa kawiri n'kokwanira. Pa zifukwa zonse zomwe zafotokozedwa, chimodzi chokha ndi chimene chimatha ndi kuyesanso, ndicho 91, makina a banki akakhala kuti anadwala kwa kanthawi, ndipo ngakhale chimenecho chimafuna kudikira ola limodzi kapena awiri, osati kudina mobwereza.

Ndalama yadulidwa koma nyimbo palibe

Nthawi zina uthenga wa banki umafika wonena kuti ndalama yachoka, pamene kampani ya nyimbo ikuti malipiro alephera. Kawirikawiri ndalamayo sinachoke. Banki inavomereza n'kuigwira, koma yankho linasochera panjira kapena wogulitsa anakana pambuyo pake. Ndalama yotere imamasulidwa yokha, nthawi zambiri pa masiku ochepa, ngakhale mabanki ena amatenga nthawi yotalikirapo. Ogulitsa ena amagwiranso kandalama kochepa poyesa khadi yatsopano, kenako n'kukabweza. Choopsa n'chakuti kuyesa kulikonse kotere kumagwira ndalama ina, kotero kuti munthu akhoza kudzitsekera yekha balansi yonse ndi malipiro omwe sanatheke. Ngati ndalamayo yalembedwa pa sitetimenti ngati yomalizika, lisiti ya kampani osabwera, choyamba ndi kuona ngati munthuyo sanalipire pa akaunti ina, chifukwa ambiri ali ndi ziwiri, ina ya imelo ina ya Facebook kapena Google. Zikapanda kutero, sitetimenti imatumizidwa ku kampani ya nyimbo, ndipo ikakana kuthandiza, banki ili ndi fomu yotsutsira malipiro.

Malipiro akalephera, akaunti siifa tsiku lomwelo. Spotify imayesanso kudula kwa masiku angapo, ndipo zikakanikabe akaunti imabwerera ku gawo laulere. Mindandanda ya nyimbo yomwe munthu anasonkhanitsa imatsala, koma nyimbo zosungidwa pafoni zomvera popanda bandulo zimaleka kuseweredwa mpaka atalipiranso. Apple Music ilibe gawo laulere lotere, ndipo laibulale ya nyimbo ikhoza kufufutika pakapita nthawi osalipira. Kuyesanso kwa kampaniku kumatanthauza kuti ndalama ikalowa mu akaunti mkati mwa masiku amenewo imadulidwa yokha, choncho amene sakufunanso nyimbozo ayenera kuletsa malipirowo mu akaunti, chifukwa kufufuta pulogalamu pafoni sikuletsa kanthu.